Lipoti: uthenga wopempherera mayi amene anachitidwa opaleshoni usiku

Ndine mlembi wa gulu la amayi pampingo wina kuno ku Lilongwe, ndipo uthenga uliwonse wopempha mapemphero umayenera kudzera kwa ine usanafike kwa anthu. Nkhani iyi ndailemba mwini wake atavomera. Dzina la mpingo, la dera ndi la chipatala sinditchula, zina ndasinthako dala, ndipo wodwalayo ndizingomutchula kuti Mayi Uje.

Unyolo wathu wa mapemphero uli ndi nthambi ziwiri. Amayi 43 ali pagulupu ya WhatsApp. Enanso pafupifupi khumi, makamaka achikulire a mafoni a mabatani, timawatumizira meseji wamba kapena atsogoleri a milaga amawaimbira. Amene walandira amapemphera, wa m'nthambi yachiwiriyo n'kuuza mnzake mmodzi amene anapatsidwa. Dongosolo ndi lomwelo basi. Pa nthawi ya nkhaniyi aliyense ankatha kulemba pagulupu.

Zimene zinachitika

Mayi Uje ali ndi ana awiri, amagulitsa zitenje, ndipo amuna awo amayendetsa thiraki yopita ku Beira. Lachiwiri madzulo anamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, kenako anakomoka ali pakhonde. Mayi woyandikana nawo nyumba, amenenso ndi wa m'gulu lathu, ndi amene anapeza galimoto. Kuchipatala chaching'ono sanachedwe nawo, anawatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo usiku womwewo analowa m'fiyeta.

Vuto linali pathupi pokhala m'chubu. Dzira likakumana ndi mbewu ya abambo limayenera kutsika n'kukakhazikika m'chiberekero, koma nthawi zina limaima m'njira, m'kachubu kochokera kumene mazira amapangidwa. Kachubuko n'kopapatiza, ndiye pakatha milungu ingapo kamatha kuphulika, magazi n'kumatayikira m'mimba osaoneka kunja. Pathupi potere sipangakule mpaka kubadwa mwana, ndipo mayi akachedwa kuthandizidwa amatha kufa. Madokotala anachotsa chubu chophulikacho ndi kuwaika mapaketi awiri a magazi. Pathupipo panali pa milungu isanu ndi iwiri. Ankadziwa ndi iwo eni ndi mng'ono wawo yekha. Mayi Uje ankadikira kuti adzauze amuna awo pamaso akabwera.

Cha m'ma 5:40 m'mawa Lachitatu, mayi woyandikana nawo uja anaponya pagulupu uthenga wa mawu wa mphindi zoposa ziwiri. Anali asanagone usiku wonse ndipo ankalankhula akulira. Anatchula dzina lonse la wodwalayo, chipatala, wodi, kenako anati pathupi pachoka, magazi awaika mabotolo asanu, ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo "kaya ngati kuche". Pansi pake mayi wina analemba nambala yake ya Mpamba kuti anthu aponyepo kangachepe.

Mayi ameneyu ndi amene anapulumutsa mnzake, ndipo izi ndinazinena pamaso pa gulu pambuyo pake. Koma pa mfundo zimene ananena, zina zinali zoona koma zosayenera kutuluka, ndipo zitatu zinali zolakwika. Mabotolo asanu aja anawerengera pamodzi ndi madiripi. Chipinda chimene anaona ndi chimene odwala amayamba agonamo akatuluka m'fiyeta, kudikira kuti mankhwala ogonetsa athe m'thupi. Anaona kapaipi ka mpweya pamphuno n'kuganiza kuti zafika poipa. Za kuti kaya kucha zinali mantha ake, palibe namwino amene anamuuza choncho.

Ola loyamba

Uthengawo ndinauona patapita theka la ola. Ndisanauchotse ndinamuimbira mwini wake kuti atsegule pamene palembedwa Info, chifukwa mndandanda wa amene amvera uthenga amauona ndi wotumiza yekha, ndipo uthengawo ukachotsedwa mndandandawo umapita nawo. Anandiwerengera maina 19 ndipo ndinawalemba pa pepala. Kenako anauchotsa yekha posankha Delete for everyone. Adimini wa gulupu amathanso kuchotsa uthenga wa munthu wina, ndipo mwayi wochotsa umatha pakapita masiku pafupifupi awiri, koma ndinafuna achotse mwini wake kuti asaoneke ngati wadzudzulidwa pagulu m'mawa umene anali wosweka mtima kale. Nambala ya Mpamba ija ndinaichotsa ndine, ndipo ndinasintha gulupu kuti kwa tsikulo azilemba ma adimini okha.

Kuchotsa kumagwira pagulupu yanu pokha. Uthenga umene wina waupatsira kale kwina umakhalabe komweko, ndipo pa amayi 19 aja, anayi anavomera kuti anali atautumiza kale: wina kugulupu ya kwaya, wina ku banki m'khonde, awiri kwa abale awo.

Gulupu ikakhala chete pamene anthu amva kale kuti mnzawo ali pakati pa moyo ndi imfa, amayamba kuimbirana, ndipo nkhani imakulira m'mafonimo. Choncho panafunika kulemba kanthu msanga. Wodwalayo anali asanatsitsimuke bwinobwino, ndiye ndinaimbira mng'ono wake, amene anali gadiyani. Gadiyani angavomereze zochepa zokha: kuti m'bale wake ali m'chipatala ndipo akufuna mapemphero. Zokhudza matenda enieni tiyenera kudikira mwini thupi, pokhapokha ngati sangathenso kudzilankhulira. Ndinalemba motere:

"Uthenga wa m'mawa uja sunachokere kubanja ndipo munali zolakwika, n'chifukwa chake wachotsedwa. Mayi Uje ali m'chipatala ndipo akulandira chithandizo. Tiwapempherere. Ndilembanso masana ano ndikaonana ndi abanja. Amene munautumiza kwina, chonde ndiimbireni."

Lonjezo lakuti ndilembanso masana ndi limene limakhazika anthu pansi. Munthu akadziwa nthawi imene adzamve zina, sapita kukafufuza yekha.

Pabedi la wodwala

Ndinalowa m'wodi pa nthawi yoonera odwala ya masana. Mabedi ndi oyandikana moti zimene mukunena akumva wa bedi lina ndi gadiyani wake wokhala pansi pa chitenje, ndiye ndinagwada chakumutu n'kumalankhula chapansipansi. Milomo yawo inali youma, ndipo mng'ono wawo ankawanyowetsa ndi kansalu. Ndinayamba ndafunsa tsiku ndi maina a ana awo mocheza, kuti ndione ngati mutu wayera, chifukwa "eya" wa munthu amene mankhwala akadali m'thupi si chilolezo.

Choyamba ndinawauza zimene zinatuluka m'mawa, zonse, osachepetsa. Kumufunsa munthu kuti tinene chiyani iwe ukubisa kuti zina zanenedwa kale n'kumupusitsa. Anatembenukira kukhoma kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Bambo a kunyumba amva?" Nthawi imeneyo tinali tisanadziwe.

Sindinawafunse kuti, "Tikupempherereni pagulupu?" Funso limeneli palibe Mkhristu angalikane, ndipo akavomera sitidziwa chimene wavomera. Ndimafunsa pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi.

"Mayi, dzina lanu titchule, kapena tingoti mayi wina wa m'gulu lathu?"

"Tchulani. Adziwa kale."

"Za opaleshoni tinene?"

Anaganiza. "Nenani, kuti asadabwe ndikamachedwa kubwera kutchalitchi. Koma za mwanayo ayi."

"Nanga chipatala ndi wodi?"

"Ayi. Sindikufuna anthu pano. Abwere amayi busa okha."

"Uthengawu ufike kwa amayi okha, kapena ulengezedwenso Lamulungu?"

"Amayi okha."

Ndinalemba pafoni pomwepo, n'kuwawerengera mawu ndi mawu. Ndinali nditalemba kuti tipempherere kuti "achire msanga ndi kutonthozedwa". Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Kutonthozedwako chotsani, amayi. Amene ali ndi nzeru adziwa kuti pali chimene chatayika." Anali kunena zoona. Pempho lenilenilo limatha kuulula matenda amene mwabisa m'mizere ya pamwamba. Mukalemba kuti tipempherere zotsatira za kachidutswa kamene atumiza kukapima, mwanena kuti akuganizira khansa. Mukalemba kuti tipemphere akhale wokhulupirika pakumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ena amalizitsa okha.

Uthenga umene unatuluka

"Tipempherere Mayi Uje a mlaga wa kumtunda. Agonekedwa m'chipatala ndipo achitidwa opaleshoni. Madokotala akuti yayenda bwino. Tipemphere kuti apeze mphamvu, komanso tikumbukire ana ndi owasamalira. Pakadali pano asayenderedwe kapena kuimbiridwa foni. Watumiza mlembi, movomerezedwa ndi eni ake, Lachitatu 1 koloko masana. Musatumize kwina."

Mawu ake safika 50. Kufupika kumeneku sikuti tikusunga bandulo. Mfundo iliyonse imene mwaonjezera ndi malo ena pamene nkhani ingapotokere, makamaka m'nthambi ya oimbirana, mmene agogo amauza anzawo zimene akukumbukira, osati zimene akuwerenga. Munthu amasunga bwino mfundo zitatu kapena zinayi. Zikapitirira, zina amaiwala ndipo pamalo pake amaikapo zake. N'chifukwa chakenso ndimakana uthenga wa mawu. Wolankhula sabwerera kukakonza, amanena zambiri kuposa zimene akanalemba, ndipo wolandira amautsegula mokweza m'minibasi kapena pamsika, dzina la wodwala n'kumveka kwa aliyense.

Kwa a mafoni a mabatani ndinafupikitsanso kuti ukwane m'meseji imodzi ya zilembo 160: "Tipempherere Mayi Uje, ali m'chipatala, opaleshoni yayenda bwino. Asayenderedwe pakadali pano. Mlembi, Lachitatu masana. Musatumize kwina." Atsogoleri a milaga ndinawauza kuti poimba foni awerenge momwemo, ndipo akafunsidwa kuti akudwala chiyani ayankhe kuti, "Zimene abanja atiuza ndi zomwezi."

Mawu akuti "madokotala akuti" ndinawaika dala. Mng'ono wa wodwalayo ndi amene anamva dokotala akunena choncho pozungulira m'wodi m'mawa, ndipo ndinamufunsa kuti abwereze mmene dokotalayo ananenera. Sindinalembe kuti ali bwino kapena kuti achira, chifukwa tsiku loyamba pambuyo pa opaleshoni zinthu zimatha kusintha: bala limatha kutukusira, thupi n'kutentha. Tsiku ndi nthawi ndimalembanso nthawi zonse, chifukwa uthenga wopanda deti umayendabe miyezi itapita, anthu n'kumapempherera munthu "amene ali m'chipatala" iye ali kumsika akugulitsa zitenje, kapena choipa kwambiri, ataikidwa kale m'manda.

Za dzina la chipatala ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ambiri amaliona ngati losavulaza. Kuno ku Lilongwe malo amanena matenda. Mukalemba kuti mayi agonekedwa ku Bwaila, anthu amaganiza za uchembere. Mukati ali ku Ethel Mutharika, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, n'chimodzimodzi. Mukati timupempherere m'bale amene akupita ku Lighthouse, mwaulula za kachilombo ngakhale simunatchule. Mukati St John of God, mwanena za matenda a maganizo. Zipatala zimenezi zimagwira ntchito yabwino, vuto ndi lakuti wowerenga amamaliza yekha chiganizo chimene inu mwachisiyira panjira. Kupemphera sikufuna nambala ya wodi. Amene akufunika kudziwa malo ndi okhawo amene wodwala wawaitana, ndipo amenewo timawauza paokha.

Mphekesera ija

Pofika madzulo a Lachitatu nkhani inali itabwerera kwa ife kuchokera kugulupu ya banki m'khonde, koma itavala zina. Wina amene analemba mwachidule zimene anamva anasintha "pathupi pachoka" kukhala "wachotsa pathupi", ndipo wina anaonjezera kuti mwamuna wake sakhalitsa pakhomo. Kwathu kuno kuchotsa pathupi ndi mlandu pa malamulo, kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, ndipo kumpingo ndi nkhani yokafika kubwalo la akulu. Mlamu wa Mayi Uje anaimbira mchimwene wake ali pamzere wa mathiraki kuchipata cha Dedza, ndipo bamboyo anamva za mwana wake koyamba m'mawu amenewo.

Apa tinasiyana maganizo ndi amayi busa. Iwo ankafuna tilembe pagulupu momveka kuti Mayi Uje sanachotse pathupi, ndi kufotokoza za chubu chija, kuti dzina lawo liyere. Maganizo awo ndi omveka, ndipo ankanena chifukwa chomukonda mayiyo. Ine ndinakana pa zifukwa ziwiri. Amayi oposa theka pagulupu sanamve uthenga woyamba uja, ndiye kutsutsa poyera kukanawauza za pathupi ndi za mphekesera yomwe nthawi imodzi. Chachiwiri, mwini wake anali atanena masana omwewo kuti za mwanayo ayi, ndipo mphekesera sinatipatse ife ufulu wosintha mawu ake. Tinagwirizana zobwerera kwa iye. Anasankha njira yapakati: amayi 19 amene anamva kale, pamodzi ndi atsogoleri a magulupu awiri aja, auzidwe paokha chiganizo chimodzi, chakuti pathupi panakhala malo olakwika ndipo opaleshoni inali yopulumutsa moyo. Tinagawana maina a pa pepala lija ndi amayi busa ndipo tinaimbira mmodzimmodzi. Atsogoleri a magulupu awiriwo anachotsa zimene zinalembedwa kwawo.

Amuna awo sitinawaimbire ife. Atafika Lachinayi usiku, Mayi Uje anapempha namwino kuti awafotokozere onse awiri pamodzi, ndipo anawaonetsa zimene dokotala analemba m'buku lawo la kuchipatala. Namwinoyo anawauzanso kuti ndi chubu chotsalacho mayi amathabe kudzakhala ndi pathupi pena.

Pamsonkhano wa amayi Lachinayi masana panali ngozi ina imene anthu saiganizira, ya pemphero lokweza. Alipo amene akayamba kupemphera amamufotokozera Mulungu mbiri yonse ya matenda, ndi mabotolo omwe, ngati kuti Iye sanali m'fiyetamo. Ndinapempha wotsogolera kuti awerenge uthenga wa pafoni uja mmene ulili, asankhe mayi mmodzi amene tinali titalankhula naye kale kuti apemphere mokweza, enafe tipemphere chamumtima.

Malamulo ndi ndalama

Amayi ena anaona ngati ndikukhwimitsa zinthu, poti ndife a banja limodzi mwa Ambuye. Ndinawakumbutsa kuti nkhaniyi ilinso m'malamulo a dziko. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za kachilombo ka munthu wina iye asanavomere, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Lamulo la 2024 loteteza mbiri ya anthu, limene amayang'anira a MACRA, limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Nkhani ya Mayi Uje sinakhudze kachilombo, koma chizolowezi chimene chinaulula pathupi pawo ndi chomwecho chimene mawa chingaulule zimenezo.

Za chopereka tinazipatula. Nambala ya foni ikayenda ndi dzina la wodwala, akuba a pafoni amapeza poyambira: amaimbira abale n'kunena kuti ndi a kuchipatala, pakufunika ndalama ya mankhwala mwamsanga. Amene anafuna kuthandiza anapereka kwa msungichuma Lachinayi, iye n'kulemba m'kaundula ndi kukapereka m'manja mwa mng'ono wa wodwalayo.

Mmene zinathera

Ndinatumizanso mauthenga awiri, onse nditawawerengera eni ake. Wa Lachisanu unati akupitiriza kulandira chithandizo ndipo ayamba kudya. Wa Lolemba unati atuluka, ali kunyumba, akuthokoza, ndipo ofuna kuwayendera alembetse kwa mtsogoleri wa mlaga kuti azipita awiriawiri. Pamenepo ndinalemba kuti pempholi latsekedwa, ndipo amayi achotse mauthenga ake m'mafoni, popeza mafoni ambiri amagwiritsanso ana ndi abambo.

Komiti inagwirizana kuti gulupu ya mapemphero ikhale yolemba ma adimini atatu okha, macheza akhale pagulupu ina, ndipo amene wamva za matenda usiku aimbire mlembi kapena amayi busa nthawi ina iliyonse. Amayi awiri anadandaula kuti gulupu yazizira, sakuthanso kulemba "Ameni". Tinawauza kuti akhoza kudina kachizindikiro ka manja opemphera pa uthengawo, ndipo mmodzi wa iwo sanakhutirebe.

Mayi Uje anabwerera kutchalitchi patatha mwezi ndi theka. Mayi woyandikana nawo uja ndi amene ankawaphikira ana nthawi yonseyi, ndipo tsopano ndi mmodzi mwa ma adimini atatuwo. Kumudzi kwa amuna awo, ku Mitundu, nkhani yopotoka ija inafika ndipo mafoni athu sanaipeze. Apongozi awo sanawalankhule mpaka mwana wawo atapita yekha ndi buku la kuchipatala lija kukawawerengera, ndipo azakhali ena a kumeneko mpaka pano akunenabe zawo.